Kuuma kwa khosi ndi mapewa pa kompyuta: mmene mungakonzere mpando, desiki ndi sikirini

Anthu ambiri ogwira ntchito ya pa desiki akhala akundifunsa funso lofanana. Amati ikamakwana nthawi yoweruka khosi limakhala litauma, pakati pa khosi ndi phewa pamatentha ngati pali khala la moto, ndipo nthawi zina ululuwo umakwera kunkhongo mpaka kusanduka mutu. Pafupifupi onse amakhala atayesa kale kukweza sikirini poika mabuku pansi pake, koma osaona kusintha. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi, chifukwa kukweza sikirini ndi sitepe yachinayi pa ndondomeko ili m'munsimu, ndipo ikachitika poyamba nthawi zambiri imangosamutsa vuto kuchoka pakhosi kupita pamapewa.

Musanakhudze chilichonse, mvetsani kaye chimene chikupweteka. Mnofu umene anthu ambiri amaufinya akamadandaula, uja woyambira kunkhongo n'kutsikira paphewa, madokotala amautcha tirapeziyasi. Gawo lake lam'mwamba limathandiza kuchirikiza mutu ndi khosi, komanso limakokera phewa m'mwamba. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo mkono umodzi wa munthu wa makilogalamu 70 umalemera pafupifupi makilogalamu 3.5. Katundu ameneyu si wolemera kwenikweni. Vuto ndi loti mnofu ukamunyamula kwa maola ambiri osamasuka ngakhale pang'ono, magazi sayenda bwino m'kati mwake, timinofu tomwetomweto timagwira ntchito tosapuma, ndipo kumapeto kwake ndi kuuma ndi kutentha kuja. Choncho funso lofunika pa sitepe iliyonse ndi lakuti: kodi mutu ndi mikono zikutsamira pa chinachake, kapena mnofu ukuzinyamula wokha?

Mufunika tepi yoyezera, munthu wokuthandizani kuyeza ndi kukujambulani chithunzi cham'mbali, ndi mapaketi angapo a mapepala osindikizira. Paketi ya mapepala 500 imakhala yokhuthala masentimita pafupifupi 5, motero ndi muyezo wabwino wokwezera zinthu pang'onopang'ono. Tsatirani ndondomekoyi mmene yalembedwera, chifukwa sitepe iliyonse imadalira imene yapita.

1. Khalani mpaka kumbuyo kwa mpando

Kankhirani mpando kutali ndi desiki kaye, kuti desikiyo isakulamuleni kakhalidwe. Lowetsani matako mpaka kumbuyo kwenikweni, msana wonse utsamire, mapazi aponde pansi bwinobwino, ndipo ntchafu zikhale zogona mofanana ndi pansi kapena zotsikira pang'ono kumawondo. Pakati pa m'mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Ngati mpando ndi waukulu moti mukatsamira m'mphepete mwake mumakanikiza kuseri kwa bondo, ikani pilo wolimba kumsana. Ngati chotsamira chake chimapendekeka, chipendeketseni kumbuyo pang'ono, pa madigiri 100 mpaka 110.

Cholakwika chofala pano ndi kuganiza kuti mankhwala ake ndi kukhala chilili ngati msilikali, chifuwa chili patsogolo, mapewa atakokeredwa kumbuyo. Kakhalidwe kameneka kamafuna mphamvu ya minofu yomwe ija yatopa kale, ndipo palibe amene angapirire nako kwa mphindi 10 akuganizira ntchito. Msana wam'munsi ukatsamira bwino, khosi limabwerera lokha pamalo pake. Ukapindika, mutu umapita patsogolo ndipo chibwano chimatukuka kuti maso aone sikirini.

2. Yerekezani chigongono ndi desiki

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi chiganizo chimodzi, chonena kuti chigongono chipindike pa madigiri 90, koma osafotokoza chochita ngati desiki singatsike. Madesiki ambiri ndi aatali masentimita 72 mpaka 76 ndipo sasinthika. Kwa anthu ambiri, makamaka amene si aatali msinkhu, utali umenewu ndi wopitirira pamene chigongono chimafika akakhala mapazi ali pansi.

Muli chikhalire monga mwa sitepe yoyamba, kwezani mapewa mpaka kumakutu, werengani mpaka 5, kenako alekeni agwe okha uku mukutulutsa mpweya. Pamene agwerapo ndi pamalo pake penipeni. Mikono ilendewere m'mbali mwa thupi, kenako pindani zigongono kuti manja aloze kutsogolo. Mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika kunsonga ya chigongono, ndipo ayezenso kuchokera pansi kufika pamwamba pa desiki. Manambala awiriwa ayenera kufanana, kapena chigongono chipose desiki ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Musadziyeze nokha, chifukwa mukangowerama kuti muone tepi, phewa lasuntha kale.

Desiki ikakhala pamwamba pa chigongono, thupi limapeza njira ziwiri zofikira kiyibodi, ndipo zonse ziwiri zimalipiridwa ndi mnofu uja wa paphewa. Njira yoyamba ndi kukweza mapewa pang'ono, mwina masentimita awiri okha, amene inuyo simungawaone. Yachiwiri ndi kutambasulira zigongono kunja ngati mapiko. Mungazindikire kuti izi zikukuchitikirani motere: muli pakati polemba, imani mwadzidzidzi, pumani mpweya waukulu n'kuutulutsa. Ngati mapewa atsika pamene mukutulutsa mpweya, ndiye kuti anali m'mwamba nthawi yonseyo. Chizindikiro china ndi mzere wofiira kapena wolowa m'kati pansi pa mkono, pamene m'mphepete mwa desiki munakanikiza.

Popeza desiki singatsike, inuyo ndi amene muyenera kukwera. Kwezani mpando mpaka chigongono chifanane ndi desiki, osasamala kaye za mapazi. Ngati mpando sukwera, ikanipo khushoni yolimba kapena bulangete lopindidwa kangapo; chinthu chofewa kwambiri chimaphwatalala pakapita ola limodzi n'kukubwezerani pomwe munali. Mukatero mapazi amayamba kulendewera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera m'mbuyo n'kutsitsanso mpando, chifukwa mapazi olendewera amamveka msanga kuposa mapewa okwezeka. Musatsitse mpando. Kwezani pansi. Ikani chopondapo chimene utali wake ukufanana ndi masentimita amene mwakwezera mpando, ndipo chikhale chachikulu mokwanira mapazi onse awiri komanso chosaterereka. Bokosi lolimba, thabwa lokhuthala kapena mapaketi a mapepala omangidwa pamodzi zimagwira ntchito bwino. Kukola mapazi ku miyendo ya mpando sikulowa m'malo mwa chopondapo, chifukwa kumakukokerani kutsogolo kwa mpando n'kuchotsa msana pa chotsamira.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Madesiki ena ali ndi dirowa kapena thabwa lopingasa pansi pake, moti mukakweza mpando ntchafu zimapanikizika. Ngati dirowayo imachoka, ichotseni. Ngati sizitheka, kwezani mpando mpaka pamene ntchafu zikulowa momasuka, kenako kankhirani kiyibodi m'kati mwa desiki masentimita 10 mpaka 15, ndipo inuyo yandikirani mpaka mimba itatsala pang'ono kukhudza desiki, kuti mbali ya mkono yapakati pa chigongono ndi dzanja igone pa desikipo. Desiki ikanyamula mkono, phewa limapumako ngakhale utali usanafike pamene timafuna. Koma kunena zoona, desiki yotere ndi yofunika kuisintha ngati mumakhalapo tsiku lonse.

Kwa munthu wamtali kwambiri vuto limatembenuka: desiki imakhala pansi pa chigongono, ndipo iye amawerama kuti aifikire. Ameneyu asatsitse mpando mpaka mawondo kukwera kuposa chiuno, koma akweze desikiyo poika matabwa olimba ndi ofanana pansi pa miyendo yake yonse.

Onaninso zoikapo mikono za mpando. Zikakhala zazitali zimakankhira mapewa m'mwamba, ndipo zikamagunda m'mphepete mwa desiki zimakulepheretsani kuyandikira, motero mumatambasula mikono tsiku lonse. Zitsitseni kuti zilowe pansi pa desiki, ndipo ngati sizitsika koma zimamasuka ndi masikuluwu, ndi bwino kungozichotsa.

3. Bweretsani kiyibodi ndi mausi pafupi ndi thupi

Ngati phewa limene likupweteka ndi limodzi lokha, ndipo ndi la dzanja limene mumagwirira mausi, yambani kukayikira pano. Kiyibodi yaikulu, ija yokhala ndi mabatani a manambala kumanja, imakhala ndi utali wa masentimita oposa 40 kuchokera kumanzere kupita kumanja. Munthu akaika mbali ya zilembo patsogolo pake, mausi imakankhidwira kutali kumanja, ndipo mkono wonse umakhala wotambasuka kunja kwa thupi kwa maola.

Muyezo wake ndi wosavuta: dzanja lili pa mausi, chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, ndipo msana usachoke pa chotsamira. Ngati simugwiritsa ntchito kwambiri mabatani a manambala, kiyibodi yaifupi yopanda mbali imeneyo imathetsa vutoli. Ngati ntchito yanu ndi ya manambala ndipo mbaliyo mukuifuna, samutsirani mausi kumanzere, kumene kulibe chotchinga. Masiku oyambirira dzanja lamanzere limakhala lachilendo ndipo ntchito imachedwa, koma ambiri amazolowera akapirira. Komanso wonjezerani liwiro la kamuvi ka pa sikirini m'makonzedwe a mausi, kuti kusuntha dzanja pang'ono kukwanire kufika m'mbali zonse za sikirini popanda kukokera mkono wonse uku ndi uku.

Kiyibodi ikhale molunjika ndi mchombo, makamaka pakati pa mabatani a `G` ndi `H`. Timiyendo tija tili kuseri kwake tipindeni, chifukwa timatukula kiyibodi n'kupindira manja m'mwamba. Ndipo pamene mukungowerenga, chotsani dzanja pa mausi, muligoneke pa ntchafu. Anthu ambiri amaigwira chigwirire ngakhale sakuigwiritsa ntchito, chala chili chotukuka kudikira kudina.

4. Tsopano kwezani sikirini

Popeza mwakweza mpando, maso anu nawonso akwera, n'chifukwa chake sitepe iyi siyenera kuchitika poyamba. Mutatsamira bwino, yang'anani kutsogolo molunjika. Mzere wapamwamba wa sikirini ukhale pa msinkhu wa maso kapena m'munsi pang'ono, kuti poyang'ana pakati pake maso atsike pang'ono mutu osazyolika. Sikirini yokwera mopitirira nayonso imapweteka, chifukwa imatukula chibwano n'kufinya minofu ya kunkhongo. Mtunda wake ukhale pafupifupi utali wa mkono wanu, ndipo usachepere masentimita 50.

Laputopu ili ndi vuto limene silingathe popanda kuwonjezera chipangizo. Sikirini ndi kiyibodi zake ndi zolumikizana, choncho ikakhala pabwino kwa mikono imakhala pansi kwambiri kwa maso, ndipo ikakwezedwa kuti ikomere maso, mikono imakwera nayo ndipo mapewa amavutika kuposa kale. Ngati mumaigwiritsa ntchito maola ambiri pa tsiku, pezani kiyibodi ndi mausi zapadera, kenako kwezani laputopuyo. Musaikweze musanapeze zipangizo ziwirizi. Poikweza onetsetsani kuti mabowo ake otulutsira mpweya wotentha sanatsekeke.

Sikirini ikafika pamalo pake, ambiri amapeza kuti zilembo zachepa, ndipo mosazindikira amasolola khosi kutsogolo kuti aone. Kulitsani zilembo m'malo mosendeza mutu. M'mapulogalamu ambiri otsegulira intaneti, kudina `Ctrl` ndi `+` kumakulitsa, ndipo `Ctrl` ndi `0` kumabwezera pakale. Kuwala kwa pawindo kumene kukunyezimira pa sikirini kumapendeketsanso mutu, motero windo likhale cham'mbali mwanu, osati kumaso kapena kumbuyo.

Anthu ovala magalasi a mbali ziwiri, oonera patali m'mwamba ndi owerengera m'munsi, asatsatire lamulo la msinkhu wa maso. Iwo amawerenga sikirini kudzera m'munsi mwa galasi, choncho sikirini ikakwera amagadamitsa mutu. Ayenera kuitsitsa ndi kuipendeketsera kumbuyo pang'ono mpaka athe kuwerenga chibwano chisanatukuke, ndipo ngati sizikutheka afunse dokotala wa maso za magalasi oonera pa mtunda wa kompyuta. Amene ali ndi masikirini awiri aike imene amaigwiritsa ntchito kwambiri patsogolo penipeni, inayo pambali pake moyandikana. Kuika malire a awiriwo pakati kumayenera pokhapokha ngati onse akugwira ntchito mofanana.

Kuti muone mmene manambalawa amayendera, nachi chitsanzo cha mayi wina wowerengera ndalama amene ndinamuthandiza, wamtali masentimita pafupifupi 160. Ankamva kutentha paphewa lamanja kuyambira masana, ndipo anali atakweza kale laputopu yake pa mabuku awiri uku akulembabe pa kiyibodi yake yomweyo. Titayeza, mpando unali pa masentimita 42, chigongono pa 64, pamene desiki inali pa 75. Kusiyana kunali masentimita 11, kuwonjezerapo mabuku aja. Tinakweza mpando kufika pa 53 ndipo tinaika pansi bokosi la masentimita pafupifupi 10 kuti apondepo. Atakhala choncho maso ake anali masentimita 51 pamwamba pa desiki, pamene mzere wapamwamba wa sikirini ya laputopu, itaikidwa pa desiki popanda mabuku, unali pa 22. Mapaketi asanu a mapepala anaikweza ndi masentimita 25 kufika pa 47, m'munsi pang'ono mwa maso. Anabwereka kiyibodi yapadera, ndipo popeza ankafuna mabatani a manambala, mausi inapita kumanzere. Chimene chinatsala tinachiona pa chithunzi chimene tinamujambula akugwira ntchito: malisiti amene ankakopera anali atagona pa desiki chakumanja, moti mutu unkazyolika ndi kupotokera komweko mobwerezabwereza. Tinawaimika pa thabwa lopendekeka pakati pa kiyibodi ndi sikirini. Masiku atatu oyamba anadandaula kuti zonse zikumveka zachilendo, koma mlungu wachiwiri kutentha kuja kunali kutachepa kwambiri, ndipo kunkabwera pokhapokha akakhala maola angapo osadzuka.

5. Chotsani zizolowezi ziwiri zimene zimawononga zonsezi

Choyamba ndi kupana foni pakati pa khutu ndi phewa uku mukulemba. Gwiritsani ntchito mahedifoni kapena sipika ya foniyo. Chachiwiri ndi kuwerenga foni ili pa ntchafu nthawi yopuma, chifukwa khosi limene mukufuna lipume limazyolika kuposa mmene linalili pa kompyuta.

6. Dzukani kawirikawiri

Ngakhale desiki itakonzedwa bwino chotani, mnofu umene sukusuntha umauma. Kupuma kwafupipafupi kumathandiza kuposa kupuma kamodzi kwa nthawi yaitali: pa mphindi 30 zilizonse imirirani ndi kuyenda kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Musadikire kuti ululu ukukumbutseni, chifukwa ukamamveka mnofu watopa kale. Tcherani alamu, kapena lumikizani kudzukako ndi chinthu chimene mumachita kale, monga kuyankha foni mutaimirira. Maso nawonso apumitseni pa mphindi 20 zilizonse poyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, popeza maso otopa amakokera mutu ku sikirini.

Mafizo awiri ndi okwanira poyamba. Oyamba ndi kubweza chibwano: mukuyang'ana kutsogolo, kokerani mutu wonse kumbuyo molunjika, osauzyolika kapena kuugadamitsa, mpaka pansi pa chibwano papange mkwinya. Gwirani masekondi 5, masulani, ndipo bwerezani kasanu. Muyenera kumva kukokeka pang'ono kunkhongo, osati ululu. Achiwiri ndi kukweza mapewa mpaka kumakutu, kuwazunguliza kumbuyo n'kuwaleka agwe, kasanunso. Pewani kukoka mutu mwamphamvu ndi dzanja kapena kupotokola khosi kuti lilire. Mpumulo wake ndi wa kanthawi, ndipo khosi lopweteka kale likhoza kuipiraipira. Nsalu yofunda yoikidwa paphewa kwa mphindi 15 madzulo imamasula mnofu, koma siichotsa chimene chikuumitsa.

7. Dziyeseni pakatha mlungu, ndipo dziwani pamene desiki si yankho

Pemphani mnzanu akujambuleni cham'mbali masana, pamene mwatanganidwa ndipo simukuyembekezera. Chithunzi chojambulidwa mukudziwa sichithandiza, chifukwa aliyense amadziwongola akaona kamera. Pa chithunzicho onani zinthu zitatu: khutu likhale pafupifupi pamwamba pa phewa, chigongono chikhale pansi pa phewa osati patsogolo pake, ndipo msana ukhale utatsamira. Ngati khutu lili patsogolo, kawirikawiri zilembo zachepa kapena sikirini yatalikira. Ngati chigongono chili patsogolo, kiyibodi yathawira m'kati mwa desiki kapena mpando sukuyandikira. Sinthani chinthu chimodzi, mudikire masiku awiri kapena atatu musanasinthe china, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Kuuma kochokera ku desiki kumakula pamene tsiku la ntchito likupita, ndipo kumachepa mukayenda, mukagona kapena pa masiku opuma. Ngati ululu wanu sukutsata njira imeneyi, kapena papita milungu ingapo mutakonza zonsezi popanda kusintha, kaonaneni ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo. Musachedwe ngati ululu ukutsikira mumkono mpaka kuzala, ngati dzanja likuchita dzanzi kapena kufooka, kapena ngati ululu ukukudzutsani usiku uliwonse ndipo mukuwonda popanda chifukwa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati manja ayamba kulephera zinthu zazing'ono monga kumanga mabatani, ngati miyendo ikukulemerani kapena mukudzandira poyenda, kapena ngati ululu unayamba mutagwa kapena mutachita ngozi. Khosi louma limodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, komanso ululu wa paphewa, m'nsagwada kapena mumkono umene ukubwera ndi kupanikizika pachifuwa, thukuta kapena kubanika, ndi zizindikiro zofuna chithandizo chamwadzidzidzi nthawi yomweyo.